Za Iwo Amene Agwira Ntchito ndi Chida cha Ngongole

Mwa anthu onse amene adya thukuta lao m'mizinda yathu, alipo ena amene chuma chao chonse chili m'chida chimodzi chokha, ndipo chidacho chikadwala banja lonse ligona ndi njala. Otere ndiwo atelala a pakhonde la sitolo, amene phazi lao silichoka pa chopondera cha makina kuyambira m'mawa kufikira dzuwa litapendeka, ndi eni minibasi zimene zidzaza misewu ya pakati pa Limbe ndi Blantyre, kapena zonyamuka pa Wenela kulunjika ku maboma. Ambiri a iwo sanagule chidacho ndi ndalama ya m'thumba, pakuti munthu wokhoza kutulutsa mtengo wonse wa minibasi tsiku limodzi sakhala pa siteji kuwerenga makwacha madzulo. Anachitenga pa ngongole ya mtundu wina, imene wokongoza sakupatsa ndalama m'manja, koma alipira yekha kwa wogulitsa, nakupatsa chidacho kuti ugwiritse ntchito uku ukubweza mwezi ndi mwezi, chikole chake chili chida chomwecho.

Mchitidwe umenewu si wa lero ai, ndipo unakula pamodzi ndi makina osokera. M'chaka cha 1856 kampani ya Singer ku Amereka, poona kuti mabanja ambiri sakanatha kulipira makina ake nthawi imodzi, inayamba kuwapereka kwa anthu olipira pang'onopang'ono, ndipo mwa njira imeneyo makina akuda aja a maluwa agolide anafika m'maiko ambiri. Kwathu kuno lero ntchito yokongoza zida igwiridwa ndi mabanki akuluakulu monga National Bank ndi Standard Bank pa zinthu za mtengo wapatali, ndi mabungwe obwereketsa ndalama zing'onozing'ono pa zinthu zonga makina ndi njinga zamoto za kabaza. Ubwino wake ngwoonekeratu: munthu wopanda nyumba ya malata kapena pepala la malo loti apinyolitse angathe kuyamba ntchito. Koma walira mvula walira matope, ndipo matope a ngongole iyi ndiwo ndifuna tiwaone bwino, potsata minibasi imodzi kuyambira tsiku lopempha.

Wopempha ayamba wapeza galimoto imene aifuna, kawirikawiri Toyota Hiace kapena Nissan Caravan yakale ya ku Japan yolowera pa doko la Dar es Salaam ndi chipata cha Songwe, natenga kalata ya mtengo kwa wogulitsa kupita nayo kwa wokongoza. Kumeneko amfunsa chiphaso cha unzika, ndi mbiri ya akaunti yake ya miyezi ingapo yapitayo. Ndipo apa ndi pamene agwa anthu ambiri akhama, amene ndalama apeza ndithu koma asunga pansi pa matiresi, pakuti kwa mlembi wa banki ndalama yosadutsa m'buku ili ngati sinakhalepo. Akavomera, wopemphayo alipira chigawo choyamba cha mtengo kuchokera m'thumba mwake, nalipiranso ndalama yokonzera mapepala ndi inshulansi yaikulu yoteteza galimoto yeniyeniyo, osati yaing'ono ija yongoteteza anthu ena pamsewu. Bulubuku ikhala m'manja mwa wokongoza kapena ilembedwa dzina lake, ndipo chiyambire lamulo la chikole cha katundu wosunthika la chaka cha 2013, wokongoza angathe kulembetsa chikolecho m'kaundula wa boma, kotero kuti wogulitsa galimoto yotere mwamseri adziitanira mlandu, nauitaniranso womgulayo.

Tsono tiyerekeze ndi manambala, amene ndawasankha kuti akhale osavuta kuwerenga, pakuti mitengo yeniyeni isintha nyengo ndi nyengo. Minibasi ikhale ya K20,000,000. Mwini wake wapereka K5,000,000, ndipo wokongoza walipira K15,000,000 yotsalayo, yoti ibwezedwe m'miyezi 36 pa chiwongoladzanja cha magawo 30 pa 100 alionse pachaka. Ngati chiwongoladzanjacho chiwerengedwa pa ngongole yotsala mwezi uliwonse, monga achitira mabanki, munthuyo azipereka pafupifupi K637,000 pamwezi, ndipo pomaliza adzakhala atabweza pafupifupi K22,900,000. Koma ngati chiwerengedwa pa ndalama yonse yoyamba ija kwa zaka zonse zitatu, osasamala zimene zabwezedwa kale, monga achitira obwereketsa ena ang'onoang'ono, aziperekano pafupifupi K792,000 pamwezi, ndipo zonse pamodzi zidzafika K28,500,000. Onse awiri anena ndi pakamwa pao kuti chiwongoladzanja chao ndi 30, ndipo palibe wanama. Komabe kusiyana kwao kuposa K5,000,000, ndiyo ndalama yonse imene mwini uja anayambira nayo. Chifukwa chake funso loyenera kufunsa pa tebulo la wokongoza ndi lakuti, "Kodi bwana, pofika tsiku lomaliza ndidzakhala nditapereka zingati zonse pamodzi?" ndipo yankho lake lilembedwe papepala.

Palinso chinthu china chimene chidabwitsa ambiri chaka choyamba chikatha. Mwa K637,000 ya mwezi woyamba uja, K375,000 ndi chiwongoladzanja, ndipo yochepetsa ngongole yeniyeni ndi K262,000 yokha. Munthu atalipira mokhulupirika miyezi 12, ndiko kuti ndalama yoposa K7,600,000, akafunsa chotsala amuuza kuti akadali ndi pafupifupi K11,400,000, nayamba kuganiza kuti amubera. Sanamubere ai, ngongole yotere imayamba yalipira phindu la wokongoza, ndipo umwini wa wokongola ukula mochedwa poyamba, mofulumira kumapeto. Amene alephera m'chaka choyamba ndiye ataya zambiri koposa onse.

Koma mtima wa nkhani yonse uli pa masiku. Mwini minibasi kawirikawiri sayendetsa yekha. Alemba dalaivala ndi kondakitala, nawaikira tageti, ndiyo ndalama yoti afike nayo madzulo alionse atachotsa kale ya mafuta. Tinene kuti tageti ndi K50,000, ndipo galimoto iyenda masiku 26 pamwezi, lasabata ikupuma: zolowa zikhala K1,300,000. Pamenepo pachoke malipiro a anyamata awiriwo, oilo ndi zosefera, matayala ndi mabuleki, gawo la inshulansi, chiphaso cha COF ndi chilolezo chonyamulira anthu; zonsezi tiziyese K400,000. Pachokenso ya wokongoza. Chotsalira mwini ndi K263,000, ndiyo ndalama ya masiku asanu ndi kachidutswa. Kunena kwina, masiku 21 oyamba a mwezi galimotoyo igwirira ntchito anthu ena, ndipo masiku asanu otsirizawo ndiwo a iye amene anthu pa siteji amuwombera m'manja namutcha bwana.

Ndipo masiku asanu satenga nthawi kutha. Giyabokisi ikafa, galimoto igona pa galaja sabata yathunthu makaniko akusakasaka ina mwa ogulitsa zitsulo zakale ku Ndirande. Mafuta akasowa m'dziko, monga zachitikira kangapo m'zaka zapitazi, minibasi itsata mzere pa malo omwetsera mafuta usana ndi usiku. Apolisi apamsewu akaigwira itapakira anthu anayi pampando wa atatu, iima kufikira chindapusa chitaperekedwa. Ngongole siidziwa zonsezi. Iwerenga masiku ake onse, a mvula ndi a dzuwa, a maliro ndi a ukwati, ndipo mwezi ukatha ifuna chake chathunthu. Pamwamba pa izo, chiwongoladzanja cha mabanki ambiri sichiima pamalo amodzi, koma chitsata mlingo umene ulengezedwa mwezi ndi mwezi. Ndipo pamene kwacha inagwetsedwa ndi magawo 25 pa 100 m'mwezi wa Meyi 2022, ndi magawo 44 m'mwezi wa Novembala 2023, matayala ndi zitsulo zochokera kunja zinakwera nthawi yomweyo, pamene okwera sanalole kuti mtengo wa ulendo ukwere ndi liwiro lomwelo.

Mtolo umenewu mwini sausenza yekha. Autsitsira pa mutu wa dalaivala. Tageti ikakwezedwa kuti ikwane ya banki, dalaivala athamanga kulanda okwera, kondakitala apanikiza anthu, tsiku lothira oilo watsopano lizengerezedwa, ndipo galimoto imene ikanatha zaka zisanu itha ngongole isanathe. Owerenga amene anakwerapo minibasi yothamanga ngati yathawa moto mwina anatukwana dalaivala, osadziwa kuti amene anali kuponda mafuta ndi pangano losainidwa mu ofesi ya mphepo yozizira.

Zizindikiro za kugwa zioneka msanga kwa wofuna kuziona. Mwini akayamba kuika matayala akale m'malo mwa atsopano, akayamba kutapa m'banki mkhonde ya mkazi wake kuti akwanitse ya mwezi, makamaka akafika pogogoda kwa a katapila, adziwe kuti dzenje lakumbidwa kale. Chotsatira ndi makalata a chenjezo, kenaka olanda katundu, kenaka malonda a pa okushoni, kumene galimoto igulidwa motchipa. Ndipo ndalamayo ikapanda kukwana ngongole, mapangano ambiri anena kuti chotsalacho chikhalabe pa khosi pa wokongola, amene tsopano alibe galimoto, alibe K5,000,000 yake, ndipo dzina lake lalembedwa kwa osunga mbiri ya okongola.

Telala ali pabwino pang'ono, ndipo chifukwa chake chitiphunzitsa kanthu. Makina opondera sadya mafuta a galimoto, safuna magetsi, ndipo agwiridwa ndi mwini wake yemwe, amene amva ndi khutu lake kaphokoso kachilendo kasanathyoke kanthu. Lamba ndi singano zake n'zotchipa, ndipo makina osamalidwa asokera mwana ndi mdzukulu. Mdani wake ndi nyengo, pakuti ntchito ichuluka potsegulira sukulu pamene makolo afuna yunifolomu, ndi m'miyezi ya maukwati anthu atakolola, koma m'Januwale ndi Febuluwale khonde likhala zii, kaunjika nayenso akulanda makasitomala. Telala wanzeru apempha kuti masiku obweza agwirizane ndi nyengo zimenezi, ndipo sathamangira makina amagetsi a ovaloko asanaone ngati magetsi a kwao akhala tsiku lonse.

Kuweruza kwanga n'kwakuti ngongole ya chida iyenera munthu amene aidziwa kale ntchitoyo ndi manja ake, monga dalaivala amene wayendetsera ena zaka zambiri, kapena telala amene wakhala akubwereka makina a mnzake, ndipo iwononga munthu wopuma pantchito amene wangomva kuti minibasi zili ndi ndalama. Inu amene mulingalira zosaina, werengani masiku amene chida chanu chiyenera kugwira ntchito kuti chikwanitse wokongoza ndi zofunika zake. Akapitirira 20 pamwezi, onjezani chigawo choyamba kapena funani chida chotsikirapo mtengo, ndipo musatenge makiyi musanasunge padera ndalama ya miyezi iwiri yobweza.