Ndalama Yachitsulo Yoteteza Chinsinsi pa Kafukufuku

Wochita kafukufuku akafunsa bambo wapabanja kuti, "Kodi munadwalapo chindoko kapena chinzonono m'miyezi 12 yapitayi?", yankho limabwera msanga: ayi. Bamboyo amawerengera kuti wofunsayo akumuyang'ana m'maso, mwinanso akazi ake akusenda chinangwa chapafupi pomwepo. Ma "ayi" oterewa akachuluka, matenda amaoneka ochepa papepala, ndipo okonza za mankhwala amasokera.

Mu 1965, katswiri wa ziwerengero Stanley Warner anafalitsa njira yoti munthu ayankhe zoona popanda wofunsa kudziwa chimene yankholo likutanthauza. Iye anagwiritsa ntchito kamuvi kozungulira, koma ena anadzaipeputsa njirayi mpaka ndalama yachitsulo n'kukwanira.

Woyankha amapatsidwa ndalama, tinene K10 ya njovu ija, n'kuiponya mobisa. Ikagwa njovu ili pamwamba, ayenera kunena "inde", kaya anadwalapo kaya ayi. Ikagwera mbali inayo, anene zoona. Wofunsa amangolemba yankho, ndalamayo saiona. Motero "inde" salinso kuulula, chifukwa akhoza kukhala wa njovu.

Nanga chiwerengero chimatuluka bwanji? Tiyerekeze kuti afunsidwa anthu 200, ndipo 120 ati "inde". Poti ndalama ili ndi mbali ziwiri, pafupifupi anthu 100 anakakamizidwa ndi njovu. Tikawachotsa, patsala ma "inde" 20 ochokera mwa anthu 100 amene anayankha zoona. Ndiye kuti pafupifupi anthu 20 mwa 100 alionse anadwalapo, ngakhale palibe angaloze chala kuti ndi uje.

Chinsinsichi chili ndi mtengo wake. Theka la mayankho ndi la ndalama, komanso njovu siigwa ndendende ka 100. Ikagwa ka 108, chiwerengero chimakwera chabe. N'chifukwa chake pamafunika kufunsa anthu ochuluka kwambiri kuposa pa kafukufuku wamba.

Vuto lalikulu lili mumtima mwa woyankha. Mayi amene sanadwalepo, ndipo amalemekezeka kumpingo, njovu ikamugwera pakamwa pamalemera kunena "inde" pa nkhani ya chindoko, ndiye amangoti "ayi". Ena amayesa kuti ndalamayo ndi msampha. Chizindikiro chake chimaonekera pa masamu: ma "inde" akachepera theka, mwachitsanzo 85 mwa 200, n'kutheka kwambiri kuti ena sanatsate lamulo, ndipo zotsatirazo n'zosadalirika.

Ofufuza osamala amayamba ndi funso losachititsa manyazi, monga ngati munthu wadya nsima lero, kuti ayesere kuponya mpaka amvetse kuti ndalamayo ikumuteteza. Amakhala naye poduka mphepo, ndipo amatembenuka iye akamaponya. Njirayi ndi yowerengera gulu basi. Kuchipatala, kumene wodwala akufunika mankhwala ake, dokotala amayenerabe kufunsa mwachindunji.