Mlandu Waupandu ndi Mlandu wa Pakati pa Anthu: Kodi Amaupititsa ku Bwalo Ndani?

Unduna ukufuna kufotokozera alimi, amalonda ndi anthu onse kusiyana kwa mitundu iwiri ya milandu, popeza ambiri amataya nthawi ndi ndalama pokadandaula kumalo kosayenera.

Tiyerekeze kuti mlimi wapereka matumba 40 a soya kwa wamalonda pa mgwirizano woti alandire ndalama pakutha pa mwezi. Mwezi watha, koma wamalondayo akuti soya sanayende malonda ndipo sanalipire. Uwu ndi mlandu wa pakati pa anthu awiri, chifukwa chomwe chasweka ndi pangano. Woyenera kuupititsa ku bwalo ndi mlimi mwini wake kapena loya wake. Iye amapita kwa kalaliki wa bwalo la milandu, kulipira ndalama yotsegulira mlandu ndi kutenga chisamani choitanira wamalondayo. Kumeneko ayenera kuonetsa, kudzera mu kalata ya mgwirizano kapena mboni, kuti mbali yake ndiyo yokhulupirika kuposa ya mnzakeyo. Akapambana, bwalo limalamula kuti alipidwe, ndipo wamalondayo akapanda kumvera, bwalo likhoza kutumiza a sherifu kukalanda katundu wake.

Apolisi si otolera ngongole. Gawo 19 la Malamulo Aakulu a dziko la Malawi limaletsa kutsekera munthu m'ndende chifukwa cholephera kukwaniritsa pangano.

Nkhani imasintha ngati wamalonda uja anathyola nkhokwe usiku n'kuba matumbawo, kapena ngati anawatenga mwachinyengo ponama kuti watumidwa ndi kampani pomwe sinamutume. Pamenepo wapalamula mlandu waupandu, womwe malamulo amauona ngati kulakwira dziko lonse. Mlimi amakanena kupolisi, apolisi amafufuza, ndipo Boma ndilo limazenga mlandu. Gawo 99 la Malamulo Aakulu limapereka mphamvu yoyambitsa, kutenga ndi kuimitsa milandu yotere kwa Mkulu Woimira Boma pa Milandu, ngakhale kuti m'mabwalo a majisitireti kawirikawiri amamuimirira ndi apolisi ozenga milandu.

Pa mlandu waupandu, mlimi amakhala mboni ya Boma. Sangauthetse payekha ukafika ku bwalo, ngakhale atagwirizana ndi abale a woimbidwa mlanduyo. Umboni nawo uyenera kukhala wolimba kwambiri, wosasiya chikayiko chomveka, popeza mapeto ake akhoza kukhala ndende kapena chindapusa. Chindapusacho chimapita ku Boma. Mlimi amalandira kanthu pokhapokha bwalo litalamula kuti abwezeredwe katundu kapena apatsidwe chipukutamisozi. Akapanda kupeza zonse zomwe anataya, ali ndi ufulu wosuma payekha.

Choncho musanapite kukadandaula, dzifunseni ngati munthuyo wangolephera kusunga pangano kapena anaba ndi kunama kuchokera pachiyambi. Amene sangakwanitse kulipira loya akhoza kupempha thandizo ku bungwe la Legal Aid Bureau.