Maliro akakuchedwetsani kupereka fomu ya msonkho ku Britain: kalata yopempha kuti chindapusa chichotsedwe

Amalawi ambiri amene ali ku Britain amadzilemba okha ntchito. Ena amaperekera anthu katundu pagalimoto, ena amaluka tsitsi, ena amayeretsa m'maofesi, enanso ali ndi nyumba ya lendi. Anthu otere amayenera kuuza bungwe lotolera msonkho la HMRC ndalama zimene apeza pachaka, pogwiritsa ntchito fomu yotchedwa Self Assessment. Chaka cha msonkho kumeneko chimayamba pa 6 Epulo n'kutha pa 5 Epulo chaka chotsatira. Fomu ya papepala imafunika ikhale itafika pa 31 Okutobala, pomwe ya pa intaneti malire ake ndi pa 31 Januwale.

Mukangochedwa ndi tsiku limodzi, chindapusa ndi mapaundi 100, ngakhale mutakhala kuti mulibe msonkho uliwonse wolipira. Miyezi itatu ikadutsa, amayamba kuwerengera mapaundi 10 patsiku kwa masiku 90, zomwe zimafika mapaundi 900. Pa miyezi isanu ndi umodzi amawonjezera mapaundi 300 kapena 5 peresenti ya msonkho wanu, kutengera chimene chakula, ndipo chaka chikatha amabwerezanso zomwezo. Munthu amene wangokhala chete kwa chaka chathunthu amapezeka ndi ngongole yosachepera mapaundi 1,600, msonkho weniweniwo asanauwerengere.

Imfa siona kalendala. Foni ikalira usiku kuti kumudzi kwagwa zovuta, palibe amene amakumbukira za fomu. Lamulo la dzikolo limazindikira zimenezi. Lamulo la zachuma la 2009 limati chindapusa sichiyenera kukhalapo ngati munthu anali ndi chifukwa chomveka, chimene pamapepala a HMRC mudzachiona atachilemba kuti reasonable excuse. Pa zitsanzo zimene bungweli limapereka pali imfa ya mwamuna kapena mkazi wanu, kapena wachibale wapafupi, imene yachitika tsiku lomaliza litayandikira. Koma chindapusa sichichoka chokha. Pamafunika kuchita apilo, ndipo muli ndi masiku 30 kuchokera pa tsiku limene lalembedwa pa kalata ya chindapusayo.

Chimene wowerenga kalata yanu akufuna

Ambiri akamalemba kalata yotere amadzaza tsamba ndi chisoni, n'kuiwala masiku. Chisonicho n'chenicheni, koma wogwira ntchito ku HMRC sangachiyeze. Chimene angayeze ndi masiku, ndipo pamenepo m'pamene pagona nkhani yonse.

Pa mlandu wa Perrin mu 2018, khoti lalikulu loona za misonkho linafotokoza mmene nkhani zoterezi ziyenera kuunikidwira. Choyamba, munthuyo akunena kuti chinachitika n'chiyani? Chachiwiri, pa zimene akunenazo, zili ndi umboni ndi ziti? Chachitatu, kodi munthu woganiza bwino, atakhala mmene analili iyeyo, akanachedwanso? Chomaliza, vutolo linatha liti, ndipo litatha anapereka fomuyo mosazengereza?

Funso lomalizali ndi limene limagwetsa anthu. Maliro amakutetezani pa nthawi imene anakumangani manja, osati mpaka kalekale. Ngati munabwerera kuntchito mu Malichi koma fomu n'kuipereka mu Ogasiti, adzakufunsani za miyezi isanu ya pakatiyo, ndipo maliro sadzakuyankhirani. N'chifukwa chake chinthu choyamba si kalata ayi, koma kupereka fomuyo. Kalata ibwere pambuyo, ikunena tsiku limene fomu inaperekedwa.

Chitsanzo

Tiyerekeze mayi wina woluka tsitsi mumzinda wa Leeds. Fomu yake ya chaka cha 2023 mpaka 2024 inayenera kuperekedwa pofika pa 31 Januwale 2025. Mayi ake anamwalira ku Dedza pa 12 Januwale, iye n'kunyamuka pa 14 Januwale. Poti ndiye mwana woyamba, anatsalira kumudzi kuti alongosole za ana amasiye amene malemuwo ankalera. Anabwerera ku Leeds pa 20 Febuluwale, ndipo pa 26 Febuluwale anapereka fomu n'kulipira msonkho wonse. Kalata ya chindapusa cha mapaundi 100 inabwera italembedwa tsiku la 4 Malichi, kutanthauza kuti apilo yake iyenera kukhala itapita pasanadutse pa 3 Epulo.

Kalatayo imalembedwa m'Chingerezi, koma mfundo zake ndi izi. Pamwamba alembe dzina lake lonse, adiresi, ndi nambala yake ya msonkho ya manambala khumi yotchedwa UTR. Atchule chaka cha msonkho, tsiku la kalata ya chindapusa ndi kuchuluka kwake. Kenako thunthu la kalatayo likhale lotere:

“Ndikuchita apilo pa chindapusa cha mapaundi 100 chimene chili m'kalata yanu ya pa 4 Malichi 2025. Mayi anga ondibereka anamwalira ku Malawi pa 12 Januwale 2025, kutatsala masiku 19 kuti nthawi yoperekera fomu ithe. Ndinanyamuka pa 14 Januwale. Monga mwana woyamba, ndine ndinayendetsa za maliro komanso kupeza kokhala ana awiri amene mayi ankawalera. Malisiti ndi mabuku a bizinesi yanga anatsala kunyumba ku Leeds, ndipo sindikanatha kulowa mu akaunti yanga ya msonkho chifukwa nambala yotsegulira imatumizidwa ku foni yanga ya ku Britain, yomwe sinkagwira kumudzi. Ndinabwerako pa 20 Febuluwale, ndipo ndinapereka fomu ndi kulipira msonkho pa 26 Febuluwale. Zaka zam'mbuyomu ndakhala ndikupereka fomu pa nthawi yake. Ndaphatikiza makope a chikalata cha imfa, matikiti a ndege ndi masamba a pasipoti okhala ndi zidindo. Ndikupempha kuti chindapusachi chichotsedwe.”

Asaine n'kulemba tsiku. Tsamba limodzi ndi lokwanira.

Taonani mmene chiganizo chilichonse chikutsekera funso limene wowerenga akanafunsa. Akanati, bwanji osalemba fomuyo pa intaneti muli ku Malawi komweko? Kalatayo yayankha ndi nkhani ya malisiti ndi foni. Akanati, milungu isanu yonseyi pa maliro amodzi? Yayankha ndi udindo wa mwana woyamba. Akanati, mutabwerako munatani? Yasonyeza masiku asanu ndi limodzi okha. Koma mulembe zimene zinakuchitikirani inuyo. Ngati foni yanu inkagwira, musabwereke chifukwa cha mayiyu, chifukwa HMRC imakhala ndi mbiri ya akaunti yanu ndipo bodza limodzi limaipitsa ndi zoona zomwe.

Ubale ndi umboni

Pali malo awiri amene Mmalawi ayenera kufotokoza mofatsa kuposa mnzake wobadwira ku Britain. Oyamba ndi ubale. Ngati womwalirayo ndi malume anu, azakhali kapena agogo, wowerenga akhoza kuona ngati ndi wachibale wapatali. Iye sadziwa kuti kwathu malume akhoza kukhala amene anakulipirirani sukulu ndi kukuimirani pa ukwati. Choncho musangoti amalume anamwalira. Nenani kuti anakulerani kuyambira muli ndi zaka zingati, munkakhala nawo nyumba imodzi kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo pamaliropo udindo wanu unali wotani. Chimodzimodzi ngati munatsalira kudikira mwambo wometa kapena msonkhano wa banja wogawa katundu wa malemu: fotokozani m'chiganizo chimodzi kuti mwambowo ndi wotani ndipo n'chifukwa chiyani sukanachitika inu palibe.

Malo achiwiri ndi umboni. Kumudzi maliro amaikidwa msanga, ndipo mabanja ambiri sathamangira kukatenga chikalata cha imfa ku ofesi ya kalembera ya NRB. Musadikire chikalatacho mpaka masiku 30 atha. Tumizani zimene zilipo: pepala la kuchipatala kumene anamwalirira, kalata ya amfumu kapena ya abusa, pulogalamu ya mwambo wa maliro, matikiti a ndege, zidindo za m'pasipoti, ngakhale malisiti a ndalama zimene munatumiza zogulira bokosi. Ngati pepala lina lili m'Chichewa, lembani pambali tanthauzo lake m'Chingerezi. Tumizani makope okha, zenizenizo musunge.

Pamene maliro okha sakwanira

Imfa ikachitika kutali ndi tsiku lomaliza, mwachitsanzo mu Julaye pomwe malire ndi Januwale, kalata yongotchula imfayo nthawi zambiri siiphula kanthu. Pamafunika kusonyeza kuti zotsatira zake zinapitirira. Mwina chisoni chinakudwalitsani mpaka munasiya ntchito, ndipo dokotala angathe kulemba kalata yotsimikiza. Mwina malemuyo ndi amene ankasunga mabuku a bizinesi, kapena munatsala nokha ndi ana aang'ono. Zimenezo zilembedwe ndi masiku ake.

Lamulo limanenanso zifukwa ziwiri zimene pazokha sizimveka. China ndi kusowa ndalama, pokhapokha ngati kwadza ndi zinthu zimene simukanatha kuziletsa. Komanso kupereka fomu sikulira ndalama, choncho kunena kuti maliro anakudyerani zonse sikufotokoza chifukwa chimene fomu inachedwera. China ndi kudalira munthu wina. Kungoti akauntanti anaiwala sikokwanira, pokhapokha mutasonyeza kuti inu munachita mbali yanu, monga kumupatsa mapepala nthawi yabwino ndi kumukumbutsa.

Dziwaninso kuti kuchedwa kupereka fomu ndi kuchedwa kulipira msonkho ndi milandu iwiri yosiyana. Msonkho ukakhala wosalipidwa kwa masiku 30 kuchokera pa 31 Januwale, pamabwera chindapusa china cha 5 peresenti. Mayi wa ku Leeds uja anachizemba polipira pa 26 Febuluwale. Chiwongoladzanja cha masiku amene msonkho unachedwa chimakhalapobe ngakhale apilo itayenda bwino. Ngati zindapusa zakugwerani zingapo, tchulani chilichonse m'kalatayo, ndi tsiku lake ndi ndalama zake.

Kutumiza ndi kudikira yankho

Apilo mutha kuichita pa intaneti kudzera pa GOV.UK, kapena podzaza fomu ya SA370, kapena polemba kalata ku adiresi imene ili pa chidziwitso cha chindapusacho. Mukatumiza papositi, pemphani kapepala kotsimikiza tsiku limene mwatumiza, ndipo sungani kope ya zonse. Ngati masiku 30 adutsa kale, tumizanibe, koma onjezerani ndime yofotokoza chimene chachedwetsa apiloyo. Ngati ndalama zilipo, ndi bwino kulipiriratu chindapusacho kuti chisabale chiwongoladzanja, chifukwa mukapambana amakubwezerani.

Akakukanirani, nkhani siinathe. Muli ndi masiku ena 30 opempha kuti wogwira ntchito wina wa HMRC, amene sanakhudzidwe ndi chigamulo choyamba, aunikenso nkhaniyo, kapena kuitengera ku khoti loyamba la misonkho, lomwe ndi loima palokha. Musanatero, werengani bwino kalata yokanayo, chifukwa imanena pamene sanakhutire. Ngati akuti masiku ena sanafotokozedwe kapena umboni unaperewera, yankhani mfundo yomweyo ndi pepala limene linasowa, m'malo mobwereza kalata yoyamba ija.