Msinkhu wa mpando wa agogo umaonekera pomwe anthu ankaukhudza

Mwini nyumba akamwalira abale n'kuyamba kutulutsa katundu, pamapezeka zinthu zina zomwe palibe amazilimbirana: kampando kosema kamiyendo itatu, kamtsamiro kamtengo komwe ana amakayesa choseweretsa, ndi ndodo yakuda yomwe yatsamira kuseri kwa chitseko zaka zambiri. Zina zimathera pamoto ngati nkhuni. Zina amagula ndi anthu oyendayenda m'midzi, pamtengo wa sopo. Kawirikawiri banja silidziwa ngati chinthucho ndi chakaledi kapena chinagulidwa dzana pamsika wa ziboliboli, chonsecho yankho lili pamtengo pomwepo. Chinthu chomwe chagwira ntchito chimatha malo okhawo amene thupi la munthu kapena dothi linkachikhudza, ndipo kwina konse chimatsala monga anachisiyira mmisiri.

N'chifukwa chake wodziwa akapatsidwa mpando sayamba ndi kuyamikira maluwa osemedwa m'mbali. Amayamba wautembenuza. Kunsi kwa pokhalira sikukhudzidwa ndi aliyense, choncho mikwingwirima ya kasemasema imaonekabe, timaenje tosaya totsatizana, tosafanana kukula. Ngati kunsiko kuli kosalala ngati pamwamba, kapena kuli mizere yozungulira yofanana ndendende, ndiye kuti padutsa sandipepa kapena makina, ndipo mpandowo ndi wamakono. Kenaka amayang'ana mapazi. Mpando womwe wakhala ukukokedwa pansi pozira kwa zaka makumi angapo umakhala ndi mapazi obulungira m'mphepete, nthawi zina phazi limodzi lofupikirapo, ndipo mtengo wa pamenepo umakhala wotuwa, wokhakhala pang'ono chifukwa cha chinyezi cha dothi. Mapazi akuthwa ngati odulidwa ndi sowo dzulo sagwirizana ndi pamwamba ponyezimira.

Tengani chitsanzo cha mpando wa mlombwa wosemedwa kuchokera ku chipika chimodzi, wopanda msomali kapena guluu. Pokhalira pake m'pakuda ndi posalala pakati ndi m'mphepete momwe ntchafu zinkakhudza. M'mbali muli malo amodzi owala kuposa ena, pomwe dzanja linkagwira pounyamula kupita nawo pakhonde. M'mizere ya zokongoletsa mwadzaza mwaye ndi fumbi louma gwa, chifukwa unkakhala pafupi ndi moto, ndipo ukaununkhiza utsi umamveka. Pali mng'alu wochoka pakati kulunjika kumphepete. Mng'aluwu si chilema chodabwitsa: chipika chikamauma chimafota kwambiri mozungulira kusiyana ndi kuchoka pakati kupita kunja, ndiye chimang'ambika motero. Chofunika ndi mkati mwa mng'aluwo. Ngati muli mwakuda, milomo yake itabulungira, unang'ambika kalekale ndipo anthu anapitiriza kukhalapo. Ngati mkati mukuoneka mtengo woyera, milomo ili yakuthwa, wang'ambika posachedwa. Zizindikiro zonsezi zikamalankhula chimodzi, mpandowo wagwiradi ntchito nthawi yaitali.

Osema ziboliboli zogulitsa kwa alendo amadziwa kuti chakuda chimayenda malonda, ndipo ambiri amapaka polishi ya nsapato. Sikuti onse amafuna kunamiza munthu, ena amangokometsera. Koma polishi imada mofanana paliponse, kunsi ndi pamwamba, ndipo ukapukuta pobisika ndi kansalu koyera konyowetsa parafini pang'ono, kansaluko kamada nthawi yomweyo. Kuda kobwera ndi thukuta ndi mafuta a m'manja kumalowa mumtengo ndipo kumakhala kwa mawangamawanga. Phingo ndiye amasokoneza anthu, poti ndi wakuda mwachibadwa mpaka mkati. Amadziwika ndi kulemera kwake, moti kachidutswa kake kamamira m'madzi, komanso khungu lake lakunja lachikasu lomwe amisiri nthawi zina amalisiya m'mbali.

Mtsamiro wamtengo ndi wosowa kwambiri pa zitatuzi. Ntchito yake inali kutukula khosi munthu akagona chammbali, kuti tsitsi lokonzedwa bwino lisaphwanyike, ndipo msinkhu wake nthawi zambiri supitirira masentimita 20. Angoni, omwe anaoloka Zambezi mu 1835 kuchokera kumwera, ankagwiritsa ntchito mitsamiro yotere monga abale awo Azulu ndi Aswazi, ndipo ina inkasemedwa ngati nyama ya miyendo inayi. Kwa Ashona a ku Zimbabwe mtsamiro umatchedwa mutsago, ndipo unkasungidwa m'banja mwini wake akamwalira. Mtsamiro womwe munthu anagonerapodi umakhala wakuda ndi wonyezimira pakati pa thabwa lopindika lapamwamba, pomwe mafuta odzola monga a nsatsi ankalowa usiku ndi usiku, pamene kumapeto konse kuwiri kumakhala kotuwirapo. Ngati pali kabowo ka chingwe chokolekera, mlomo wake umadyeka mbali imodzi, komwe chingwe chinkakokera.

Ndodo imawerengeka mosavuta. Pogwirira pamasalala ndi kuda, ndipo kunsonga kumadyeka mopendekera malinga ndi kayendedwe ka mwini wake. Ndodo yokongola yomwe nsonga yake ili yafulati mwina inali yaulemu, yonyamula pabwalo la milandu kapena pamwambo, osati yoyendera.

Tizibowo ta tizilombo timanamiza anthu ambiri. Mtengo wofewa ukhoza kufumbwa m'zaka ziwiri zokha, pamene muwanga kapena phingo zimatha kukhala mibadwo osaboola kanthu. Bowo lenileni limakhota mkati, moti singano silowa patali, pamene loboola ndi msomali limangolunjika. Pansi pa chinthucho pakamagwa ufa woyera ndiye kuti tizilombo tikadali momo. Chikulungidwe m'pulasitiki n'kuikidwa mufiriji yozizira kwambiri kwa sabata ziwiri, ndipo chikatuluka chisamasulidwe mpaka chitafunda chokha.

Kutha kwa mtengo kuli ndi malire ake: kumaonetsa kuchuluka kwa ntchito, osati chaka chomwe chinthu chinasemedwa. Mpando womwe wakhala pakhonde la banja lalikulu zaka 30 ukhoza kuoneka wokalamba kuposa wa zaka 80 womwe unabisidwa kudenga. Apa m'pamene pakamwa pa akuluakulu pamafunika. Gogo akanena kuti mpandowu unali wa atsibweni ake, ndipo anaupeza kale m'nyumba pa njala ya 1949, umenewo ndi umboni woposa mng'alu uliwonse. Mawu otere alembedwe papepala, ndi dzina la mwini wake woyamba, mudzi, ndi wosema ngati akukumbukika. Wofuna kufananiza chake ndi zinzake akhoza kukaona zosungidwa ku nyumba ya zinthu zakale ya ku Chichiri mu Blantyre, kapena ku KuNgoni, pa Mua m'boma la Dedza, malo omwe anayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976.

Choipa kwambiri chomwe chimagwera zinthuzi si chiswe ayi, koma mdzukulu wakhama yemwe amati akonzeko ndi sandipepa ndi vanishi. Ola limodzi lokha limafafaniza zonse zomwe manja a mibadwo itatu anasiya, ndipo sizibwereranso. Fumbi lichotsedwe ndi kansalu kouma basi. Chinthucho chisatsukidwe ndi madzi, chisapakidwe mafuta, ndipo chiikidwe pamalo okwera, kutali ndi dzuwa ndi khoma lachinyezi.