Mtedza Wobisala mu Mthiko

Mlendo amene thupi lake limadana ndi mtedza angadwale ngakhale musanatendere ndiwo. Kansinjiro kochepa kotsalira paziwiya nkokwanira, ndipo kuwiritsa sikuchotsa ngoziyo.

Samalani kwambiri ndi mtondo, musi, sefa ndi mthiko. Mtengo uli ndi timing'alu momwe mafuta a mtedza amakanirira. Ngati dzulo munatendera nkhwani, mthiko umenewo usayandikire poto wa mlendo, ndi bwino kugula watsopano. Mapoto ndi mbale tsukani ndi sopo, osangotsukuluza, ndipo musambe m'manja ndi sopo. Chakudya chake chiphikeni choyamba, muchivundikire, chikhale ndi chipande chakechake. Mafuta ophikira werengani pabotolo.

Akayamba kutupa milomo, kutuluka zidzolo kapena kubanika, thamangirani naye kuchipatala msanga.