Chikalata chinalipo, koma inshulansi inali itatha

Moto unayamba usiku pabenchi ina ya mumzere wa kaunjika. Pomwe ozimitsa moto amafika, mzere wonse unali utasanduka phulusa. Mayi wina wogulitsa zovala za ana anataya mabelo anayi amene anali atangopikula kumene. Anzake akulira, iye anadzilimbitsa mtima poti kunyumba, mu sutikesi, munali chikalata cha inshulansi ya moto.

Mawa lake anatenga chikalatacho, lipoti la apolisi ndi malisiti a mabelo aja, n'kupita ku ofesi ya kampani. Kalaliki anatsegula tsamba loyamba n'kuloza mzere umodzi.

"Pepani mayi, inshulansi yanuyi inatha pa 28 Febuluwale. Moto wabuka mu Epulo."

"Nanga ndikalipira lero, achimwene?"

"Mukalipira lero, chitetezo chiyamba lero. Zimene zapsa kale sitingabweze."

Mayiyu sanali wosasamala. Inshulansiyo anaitenga pamodzi ndi ngongole ya mpamba, ndipo ndalama yake inadulidwa kamodzi, tsiku lolandira ngongoleyo. Atamaliza kubweza ngongole, palibe amene anali ndi chifukwa chodulanso ndalama ina. Uthenga womukumbutsa unapita ku nambala ya foni imene anasiya kalekale. Iye ankaona ngati malinga chikalata chili m'manja, katundu ndi wotetezedwa.

Apa ndi pamene ambiri amagwera. Inshulansi ya moto nthawi zambiri imakhala ya miyezi 12, ndipo tsiku loyambira ndi lothera amazilemba pachikalatapo. Kampani imalonjeza kubweza zimene zawonongeka pakati pa masiku awiriwo basi. Kaya munalipira mokhulupirika zaka zisanu m'mbuyomu, ndalamazo sizisungidwa ngati za kubanki: zinagula chitetezo cha zaka zimenezo, ndipo zinatha nazo. Musadalirenso masiku achisomo amene mumamva pa inshulansi ya moyo, pokhapokha atalembedwa m'chikalata chanu chomwecho.

Chimene chimandipweteka n'chakuti wogulitsa inshulansi amalankhula kwambiri tsiku losainira, koma za tsiku lothera amangodutsapo. Munthu amene amakhala pabenchi kuyambira m'mamawa mpaka madzulo anayenera kuuzidwa momveka, m'Chichewa.

Mpata wodandaula umakhalapo ngati munalipiradi nthawi yake koma ejenti sanafikitse ndalamazo, kapena kampani sinazilembe. Pamenepo lisiti ndiye mboni yanu. Mumayamba kulembera kampaniyo, ndipo ikakana mutha kukadandaula ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira makampani a inshulansi m'dziko muno. N'chifukwa chake si bwino kupereka ndalama kwa ejenti popanda lisiti la kampani.

Mayi uja analibe lisiti lotero, poti sanalipire. Anabwereka ndalama ku banki m'khonde n'kuyambiranso ndi theka la belo.