Galimoto Ikangoti Tii-tii-tii Osalira: Ndi Batire Kapena Sitata?

Mwezi wathawu ndinapita kumudzi kumaliro ndipo kagalimoto kanga ndinakasiya pakhomo sabata yathunthu. Lolemba m'mawa ndimayenera kuwatengera mayi kuchipatala kukaonana ndi dokotala. Iwo anali atakhala kale kumpando wakumbuyo, chiphaso chakuchipatala chili m'manja. Nditapotokola kiyi, injini sinazungulire n'komwe. Ndinangomva tii-tii-tii-tii, mothamanga ngati makina osokera.

Aneba anga, omwe amayendetsa minibasi, anasuzumira pampanda n'kunena kuti, "Aphunzitsi, imeneyo ndi sitata, yapita basi. Kagulani ina." Mtima unagunda, chifukwa sitata si yotchipa. Koma poti ndimaphunzitsa fizikisi, ndinati ndiyambe ndayeza ndisanatulutse ndalama. Zimene ndinapezazo ndi zomwe mumaphunzira m'kalasi pa mutu wa magetsi.

Phokosolo limachokera kuti?

Pamwamba pa sitata pali kachipangizo kotchedwa solenoidi. Ndi waya wokulungidwa kambirimbiri, ndipo magetsi akadutsamo amasanduka maginito. Mukapotokola kiyi, maginitowo amakoka kachitsulo kamene kamagwira ntchito ziwiri: kamakankha kagiya ka sitata kuti kalumane ndi mano a gudumu la injini, komanso kamalumikiza waya wonenepa wochokera ku batire ndi mota ya sitata. Kulira kwa kachitsuloko ndiye "tii" amene mumamvayo.

Solenoidi safuna magetsi ambiri kuti agwire. Mota ndiyo yadyera: pa injini yaing'ono ya petulo imakoka maampeya pakati pa 100 ndi 200. Ndiye batire likhoza kukhala ndi mphamvu zokwanira kuyatsa wailesi ndi kukoka solenoidi, koma n'kulephereratu kuzunguza mota. N'chifukwa chake mawu oti "koma wailesi ikuyimba" satsimikizira kuti batire lili bwino.

Apa kumbukirani V = IR. Batire lililonse lili ndi rezisitansi ya mkati mwake. Tiyerekeze kuti batire labwino lili ndi mavoti 12.6 ndi rezisitansi ya maomu 0.01. Sitata ikakoka maampeya 150, mavoti 1.5 amatayika mkati mwa batire momwemo, n'kutsala pafupifupi 11. Amenewa ndi okwanira. Koma batire likafooka, rezisitansi ija imakwera. Ikafika maomu 0.04, mavoti otayika ndi 6, ndipo otsalawo sangagwirize solenoidi.

Ndiye taonani zimene zimachitika. Solenoidi akoka, mota ilumikizidwa, mavoti agwa, maginito afooka, sipuling'i ibweza kachitsulo kaja. Mota ikangodulidwa mavoti amakweranso, solenoidi n'kukokanso. Zimenezi zimabwerezeka kangapo pa sekondi imodzi, ndiye tii-tii-tii uja. Phokoso lothamangali kwenikweni likukuuzani kuti solenoidi ndi wamoyo, koma ali ndi njala.

Mmene ndinayezera

Choyamba sichifuna chida chilichonse. Ndinayatsa nyali zakutsogolo n'kuwapempha aneba aja kuti aziyang'ane ine ndikupotokola kiyi. "Zazima, zangotsala ngati makala!" anatero. Ichi ndi chizindikiro choti mavoti akugwa kwambiri. Zikanakhala kuti nyali zikuwalabe bwinobwino, ndipo pamveka "tii" mmodzi yekha wamphamvu kenako zii, ndikanakayikira sitata. Zikatero nthawi zambiri ndiye kuti timakala ta mkati mwa mota tatha, kapena timikuwa ta mu solenoidi tapsa moti magetsi sakudutsa. Batire silikokedwa, ndiye nyali sizisintha.

Kenako ndinatenga malitimita. Batire la galimoto lili ndi maselo 6, iliyonse ya mavoti pafupifupi 2.1, choncho lodzadza limawerenga 12.6. Likawerenga 12.2 ndiye kuti latsala pafupifupi theka, ndipo pa 12.0 latsala ngati gawo limodzi mwa magawo anayi. Langa linawerenga 11.9. Munthu akhoza kunena kuti, "Aa, si pafupi ndi 12 pomwepo?" Ayi ndithu, limenelo ndi batire loti latsala pang'ono kutheratu. Nditapotokola kiyi mita ili pomwepo, nambala inagwa mpaka cha m'ma 6. Batire labwino siliyenera kutsika kupitirira 9.6 pamene sitata ikuzungulira.

Pali wachitatu amene amanamizira anzake: materemino a batire. Akakhwepa, kapena akachita ufa woyera kapena wobiriwira, amawonjezera rezisitansi panjira, ndipo galimoto imachita tii-tii-tii yemweyo ngakhale batire lili lodzadza. Mungamugwire motere: mavoti oyezedwa pa mitu ya batire yeniyeniyo amakhalabe okwera, koma nyali n'kumazima. Anga ndinawagwedeza, anali olimba ndi oyera.

Umboni womaliza unali kujampa. Aneba anabweretsa galimoto yawo yaing'ono, poti yanga ndi ya otomatiki ndipo siyingalire poikankha. Waya wofiira tinalumikiza + ndi +. Wakuda unachoka ku − ya batire labwino kupita ku chitsulo cha injini yanga, kutali ndi batire, chifukwa batire limatulutsa mpweya wa haidirojeni umene ungaphulike ndi kamoto kothetheka. Ntchito imeneyi musaichite nokha popanda wamkulu wodziwa. Injini inalira kamodzi n'kamodzi. Sitata yakufa sikanadzuka chifukwa cha batire la eni. Injini ikulira, mita inawerenga 14.2, kusonyeza kuti alitaneta ikutchaja bwino, poti pamafunika pakati pa 13.8 ndi 14.4 kapena kufupi ndi pamenepo. Mayi anafika kwa dokotala mochedwa ndi theka la ola, koma anaonedwa.

Nanga magetsi anapita kuti?

Funso limeneli ndilo linandisowetsa mtendere. Batire labwino silitha pa sabata imodzi. Galimoto yozimitsidwa imamwabe magetsi pang'ono a wotchi ndi kakompyuta kake, kawirikawiri osapitirira maampeya 0.05. Sabata ili ndi maola 168, ndiye 0.05 × 168 ndi 8.4 Ah basi. Batire langa ndi la 45 Ah, lingapirire zimenezo.

Loweruka, batire litatchajidwa, ndinazimitsa zonse, n'kumasula waya wa − ndi kuika mita pakati pa wayawo ndi batire, itatcheredwa pa 10 A. Chenjezo: mita ili chonchi musayerekeze kuliza galimoto, ipsa fyuzi nthawi yomweyo. Inawerenga 0.2. Chulukitsani ndi 168, mupeza pafupifupi 34 Ah. Pa 45 panangotsala 11, lomwe ndi gawo limodzi mwa anayi lija. Masamu anagwirizana ndi zimene mita inandiuza Lolemba.

Ndinayamba kuzula mafyuzi limodzilimodzi. Nditazula la wailesi, nambala inagwa kufika pa 0.03. Wailesiyo ndinaikitsa miyezi iwiri yapitayo, ndipo amene anaiyika analumikiza mawaya ake onse ku magetsi osazima. Ndikamayenda tsiku lililonse alitaneta inkabwezeretsa zobedwazo, ndiye wakubayo sankaoneka mpaka galimoto itaima sabata.

Makaniko anasuntha waya umodzi wokha. Anandichenjezanso kuti batire la mtovu ndi asidi likamakhalitsa lopanda magetsi, mbale zake zimakutidwa ndi ledi salufeti wouma, ndipo silibwereranso mwakale. Aneba aja atamva, anangoseka n'kuti, "Ndiye mukanagula sitata yaulere, aphunzitsi."

Nayi ntchito yanu: babu la mu buti la mawati 5 laiwalika loyaka, ndipo batire ndi la mavoti 12 ndi 45 Ah. Lidzatha pakapita masiku angati? Yambani ndi P = VI.